ZOLETSA ZITATU ZA M'THUPI NDI MZERE UMENE UZIULULA

Mai ali yense wodziwa kuphika thobwa adziwa kuti phala lolimba likathiridwa cimera limasungunuka, ndipo pakapita nthawi limatsekemera ngakhale sanathiremo shuga. A ku Migodi acita comweco ndi mizu ya munkoyo. M'cimera ndi m'mizuyo muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timadula sitaci wa mu ufa ndi kumsandutsa shuga. Anzeru za sayansi amachula tinthu totere dzina lakuti maenzaimu.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tochedwa maselo, ndipo m'selo iri yonse muli maenzaimu a mitundu yambirimbiri, uli wonse ndi nchito yace. Enzaimu iri ndi kamphako pathupi pace. Cinthu coyenera kusandulidwa cimalowa m'mphakomo monga kiyi alowa m'loko, cimasandulika, nkuturuka, ndipo enzaimu itsala monga inaliri, yokonzeka kulandira cina. M'nkhani ino colowaco cichedwa cosandulidwa, ndipo cimene cimaturuka cichedwa coturuka.

Tsono galimoto lopanda mabuleki siliyendetsedwa pamseu. Maenzaimu naonso ali ndi zoaletsa. Zina thupi limapanga lokha, zina ndi mankhwala a ku cipatala, zina ndi poizoni. Zonse zimacepetsa liwiro la enzaimu, koma njira zace nzosiyana, ndipo wofuna kupulumutsa wodwala ayenera kudziwa njira imene yagwira nchito. Comuuza ndico mzere wojambulidwa papepala.

MZERE WA LIWIRO

M'caka ca 1913, mu mzinda wa Berlin ku Jeremani, Leonor Michaelis ndi Maud Menten anayesa enzaimu ina yodula shuga wa nzimbe. Kucuruka kwa enzaimu sanakusinthe, koma shuga anamka namuonjezera, ndipo nthawi iri yonse anayesa liwiro la nchitoyo. Zoyesa zotere zikalembedwa papepala zimapanga cithunzi cochedwa galafu.

Womvera amene ali ndi pensulo angathe kucijambula. Alembe mzere wogona pansi pa pepala: umenewo usonyeza kucuruka kwa cosandulidwa, kuyambira kumanzere kumene kulibe kanthu kufikira kumanja kumene cacuruka. Alembenso mzere woimirira kumanzere: umenewo usonyeza liwiro. Mzere wa enzaimu umayamba pangodya, ukwera msanga monga njira ya paphiri, kenaka upendekeka, ndipo potsiriza ugona monga denga la nyumba.

Cifukwa ca kugonako cioneka bwino pa tsiku la malipiro. Pakhale mazenera khumi, ndipo kalaliki wa pa zenera liri lonse alipira anthu khumi pa ora limodzi. Anthu akamafika mmodzimmodzi, akalaliki ambiri angokhala manja lende, ndipo olipidwa acuruka monga ofika acuruka. Koma bwalo likadzaza, zenera liri lonse liri ndi munthu, ndipo olipidwa sangapitirire 100 pa ora, ngakhale abwere ena zikwi ziwiri. Mphako za maenzaimu zikadzaza zonse, liwiro lafika padenga.

Pagalafu pali zinthu ziwiri zoyenera kuwerenga. Coyamba ndico dengalo, limene m'mabuku lilembedwa Vmax. Caciwiri cilembedwa Km, ndipo cimapezeka motere: munthu atenga theka la denga, ayendetsa cala kucokera pamenepo kumka kumanja kufikira cikhudza mzere wopendekeka, natsika naco mpaka pa mzere wogona. Ciwerengero cimene capezeka pamenepo ndico Km, ndiko kucuruka kwa cosandulidwa kofunika kuti enzaimu ithamange theka la liwiro lace. Km ikakhala yaing'ono, enzaimu igwira nchito bwino ngakhale cosandulidwa ciri cocepa.

Lamulo la mzerewu lilembedwa motere, pamene v ndilo liwiro ndi S ndiko kucuruka kwa cosandulidwa:

v = Vmax × S ÷ (Km + S)

Nazi ziwerengero zongosankhidwa kuti zikhale citsanzo. Denga likhale 100, ndipo Km ikhale 2. Cosandulidwa cikakhala miyeso 2, liwiro liri 50. Cikakhala miyeso 6, liwiro liri 75. Pa miyeso 18 liri 90, ndipo pa miyeso 198 liri 99. Womvera aone kuti miyeso iwiri yoyamba inapatsa 50, koma miyeso 180 yotsiriza inangoonjezera 9. Ziwerengero zinai izi azisunge, pakuti zoletsa zonse zidzayesedwa pa izo.

COLETSA COLIMBIRANA MPHAKO

Coletsa coyamba cimafanana maonekedwe ndi cosandulidwa, kotero cimalowa m'mphako momwemo. Ciri ngati mlendo amene aima pa zenera la malipiro wopanda dzina m'buku: kalaliki ataya naye nthawi, ndipo wanchito weniweni adikira kumbuyo. Koma mlendoyo sakhalitsa. Akacoka, zenera lilandira amene wayandikira. Alendo akakhala makumi awiri ndipo anchito makumi awiri, theka la nthawi litayika. Anchito akakhala zikwi ziwiri, alendo aja samvekanso.

Pagalafu zimaoneka motere. Coletsa cikakweza Km kucokera pa 2 kufika pa 6, liwiro pa miyeso 2 litsika kucokera pa 50 kufika pa 25. Pa miyeso 6 liri 50, pa miyeso 18 liri 75, ndipo pa miyeso 198 liri 97. Mzere wakwera mocedwa, wasendera kumanja, koma ukupitabe ku denga lomwe lija la 100. Cizindikiro ca coletsa colimbirana ndi ici: denga silisintha, Km ikula.

Madotolo amagwiritsa nchito nzeru imeneyi pa munthu amene wamwa methanolo. Methanolo ndi sipiriti wa m'mafakitale amene anthu ena osaopa mlandu amathira m'mowa woucha kuti ucuruke. Fungo ndi kukoma kwace sizisiyana kwenikweni ndi ethanolo, ndiye mzimu wa mowa wamba. M'ciwindi muli enzaimu yochedwa mwacidule ADH, imene nchito yace ndiyo kuphwanya ethanolo. Ikalandira methanolo imamsandutsa fomadihaidi, ndipo enzaimu ina imasandutsa fomadihaidiyo asidi wa fomiki. Asidi ameneyu ndiye aononga mitsempha ya maso ndi kusasitsa mwazi. Supuni imodzi yaikuru ya methanolo wosasakaniza ingathe kucititsa munthu khungu, ndipo masupuni owerengeka angathe kumupha. Coopsya cina ncakuti wakumwayo angakhale ngati ali bwino kwa maora 12 kufikira 24, pakuti poizoni weniweni akali kupangidwa pang'onopang'ono m'ciwindi mwace.

Pamenepa dotolo afuna kuchinga mphako ya ADH kuti methanolo asalowemo. Mankhwala ochedwa fomepizo amacita zimenezo: akhala m'mphako, ndipo methanolo azungulira m'mwazi wosasandulika kufikira aturuka ndi mkodzo ndi mpweya, kapena acotsedwa ndi makina otsuka mwazi. Kumene kulibe fomepizo, madotolo apatsa wodwala ethanolo woyesedwa bwino, pakuti ADH imakonda ethanolo koposa methanolo kakhumi kapena kupitirira. Kusiyana kwace nkwakuti ethanolo nayenso amaphwanyidwa, motero amamka nacepa. Akacepa, methanolo apezanso malo, ndipo poizoni ayambiranso kupangika. Ndico cifukwa cace dotolo ayesa mwazi kawirikawiri naonjezera mankhwala pa nthawi yace, ndiponso ndico cifukwa cace nchito imeneyi siicitika pakhomo. Munthu amene ayamba kuona zinthu mwa cimbuuzi, kusanza ndi kupuma mofulumira tsiku lotsatira atamwa mowa wosadziwika gwero lace, atengedwe ku cipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene anamwa naye.

COLETSA COSALIMBIRANA MPHAKO

Coletsa caciwiri sicikangana ndi cosandulidwa. Cimagwira enzaimu yeniyeniyo ndi kuilemaza, cosandulidwa cikhalepo kapena cisakhalepo. Pa bwalo la malipiro ziri ngati akalaliki asanu adwala. Anthu angathe kuima pa mazenera ao, koma ndalama siziturukapo. Asanu otsalawo agwira nchito monga kale, koma olipidwa sangapitirire 50 pa ora. Kuitana anthu ena kuti adzaze bwalo sikuthandiza kanthu.

Pa ziwerengero zija, coletsa cikalemaza theka la maenzaimu, denga litsika kufika pa 50. Liwiro pa miyeso 2 liri 25, pa miyeso 6 liri 37 ndi theka, pa miyeso 18 liri 45, ndipo pa miyeso 198 liri 49 ndi theka. Mzere wagona pansi, ndipo sudzafika konse pa denga lakale. Nanga Km? Apa ambiri amaphonya, pakuti amafuna theka la denga lakale. Coyenera nkutenga theka la denga latsopano, ndilo 25, ndipo cala cikatsika kucokera pamenepo cifika pa 2 monga poyamba. Cizindikiro ca coletsa cosalimbirana ndi ici: denga litsika, Km sisintha.

Citsanzo cace anthu a ku Kabwe acidziwa bwino. Mgodi wa kumeneko, umene kale unkachedwa Broken Hill, unali wa mtobvu ndi zinki, ndipo unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi la mtobvu linatsala m'nthaka ya makomboni oyandikana nao. Kufiira kwa mwazi kumacokera ku cinthu cochedwa himu, cimene cimanyamula mpweya wabwino kucokera ku mapapo. Thupi limapanga himu m'masitepe asanu ndi atatu, sitepe iri yonse ndi enzaimu yace. Enzaimu ya sitepe yaciwiri, yochedwa ALAD, imalumikiza tinthu tiwiri tochedwa ALA, ndipo kuti icite zimenezo isowa kadontho ka zinki m'kati mwace. Mtobvu ukalowa m'thupi umacotsa zinki nukhala pamalo pace, ndipo enzaimuyo ileka kugwira nchito.

Womvera aone kuti mtobvu sulanda malo a ALA. Ulanda malo a zinki. Cifukwa cace ngakhale ALA acuruke motani, sangaucotse. ALA amangounjikana m'mwazi nayamba kuturuka ndi mkodzo, monga anthu odzaza bwalo pamene akalaliki adwala. Kwa zaka zambiri madotolo a m'mafakitale a mtobvu anali kuyesa ALA m'mkodzo wa anchito kuti adziwe amene mtobvu wawalowa. Masiku ano amayesa mtobvu weniweniwo m'mwazi. Mtobvu ukacuruka, mwazi umacepa ndipo munthu amafooka. Umaononganso bongo wa ana mwa njira zina zosakhudza enzaimu imeneyi. Mankhwala ace sakhala opikisana nao pa mphako ai. Wodwala amacotsedwa pa pfumbilo, ndipo mtobvu ukakhala wambiri m'mwazi amapatsidwa mankhwala ougwira ndi kuuturutsa m'thupi.

MSAMPHA WA KUYESA KAMODZI

Tsopano womvera abwerere ku ziwerengero zace. Pa miyeso 2, coletsa colimbirana cinapatsa 25. Pa miyeso 2 yomweyo, coletsa cosalimbirana cinapatsanso 25. Munthu woyesa kamodzi kokha pamenepo angathe kunena kuti liwiro latsika ndi theka, koma sangathe kunena cimene calitsitsa. Mizere iwiriyo imadutsana pamalo amenewo. Kusiyana kuoneka bwino pa miyeso 18, pamene wina uli pa 75 ndi wina pa 45, ndipo pa miyeso 198 palibenso cikaiko: 97 ndi 49 ndi theka. Yankho la galafu liri kumanja kwa pepala. Wofuna kudziwa mtundu wa coletsa aonjezere cosandulidwa kwambiri, naone ngati liwiro libwerera.

Pali misampha ina iwiri. Woyamba ndiwo kuleka msanga. Mzere umayandikira denga mocedwa kwambiri, kotero woyesa amene aleka pa miyeso 6 adzaona 75 ndi 50, nadzaganiza kuti coletsa colimbirana catsitsa denga, pamene mzerewo ukali kukwera. Waciwiri ndiwo kucedwa kuwerenga liwiro. Liyenera kuyesedwa poyamba penipeni pa nchito, cosandulidwa cisanayambe kutha ndi coturuka cisanaunjikane. Kutentha, kuwawasa kwa madzi ndi kucuruka kwa enzaimu ziyenera kukhala cimodzimodzi pa kuyesa kuli konse, pakuti enzaimu yocepa kapena yopsya ndi moto imatsitsanso denga ngakhale palibe coletsa. Mai wa thobwa uja adziwa kale kuti cimera cothiridwa m'phala lobwadamuka sicitsekemeretsa kanthu.

COLETSA COCOKERA KU MAPETO

Zoletsa ziwiri zija zinacokera kunja kwa thupi. Cacitatu selo imadzipangira yokha, ndipo cimagwira nchito usana ndi usiku mwa munthu wamoyo bwino.

Pamgodi miyala imadutsa m'manja ambiri: ikwezedwa pansi, iyenda m'ngolo, iphwanyidwa, iyenda pa lamba, nifika m'nkhokwe yaikuru. Nkhokwe ikadzaza, nzeru siiri pa kuimitsa lamba wotsiriza yekha, pakuti miyala idzaunjikana panjira ponse. Mau ayenera kupita kwa okweza a poyamba. M'selo zimacitikanso motero: coturuka ca pa mapeto a mndandanda wa maenzaimu cikacuruka, cimabwerera kukaletsa enzaimu yoyamba.

M'caka ca 1956, Edwin Umbarger wa ku Amereka anaonetsa zimenezi m'kacirombo ka m'matumbo kochedwa E. coli. Kacirombo kameneka kamapanga aisolusini, imodzi ya njerwa zomangira mapuloteni, kucokera ku njerwa ina yochedwa thireonini, m'masitepe asanu. Umbarger anapeza kuti aisolusini akacuruka amaletsa enzaimu ya sitepe yoyamba. Selo ikagwiritsa nchito aisolusiniyo nacepa, amacoka pa enzaimu, ndipo nchito iyambiranso. Palibe kapitao wolamulira. Katunduyo ndiye adzitsekera ndi kudzitsegulira yekha. Thireonini wosagwiritsidwa nchito atsala kuti athandize pa zina.

Funso linali lakuti, kodi aisolusini amakhala pati? Pagalafu iye amakankhira mzere kumanja, ndipo thireonini akacuruka liwiro limabwerera, monga ngati awiriwo alimbirana mphako imodzi. Koma Jean-Pierre Changeux wa ku Paris anaonetsa m'caka ca 1961 kuti enzaimuyo ingathe kusinthidwa kotero kuti isamverenso aisolusini, koma nkumagwirabe nchito yace pa thireonini. Izi zinasonyeza kuti pali mphako ziwiri: ina ya nchito, ina ya kulandira mau. Aisolusini akakhala m'mphako yaciwiri, enzaimu yonse imapindika pang'ono, ndipo mphako ya nchito sigwiranso bwino thireonini. Apa pali malire a galafu. Imaonetsa makhalidwe a coletsa, koma pa yokha siingathe kulozera malo amene cakhala.

Komabe maenzaimu otere ali ndi cizindikiro cao. Ambiri a iwo anapangidwa ndi zigawo zingapo zogwirizana, ndipo cigawo cimodzi cikalandira cosandulidwa, zinzace zimatseguka mosabvuta. Cifukwa cace mzere wao sukwera msanga kucokera pangodya. Uyamba mwaulesi, kenaka ukwera mwadzidzidzi, nugona padenga, monga cilembo ca S copendekeka. Phindu lace ndi ili. Enzaimu wamba ija inasowa cosandulidwa cocuruka ka 81 kuti icoke pa liwiro la 10 kufika pa 90. Enzaimu ya mzere wa S imayenda ulendo womwewo ndi kusintha kocepa ndithu, motero selo ingathe kuitsegula ndi kuitseka monga mpopi. Woona S pagalafu adziwe kuti ali pa cipata cimene selo imalondera.

Mndandanda wa himu naonso uli ndi mlonda wotere. M'ciwindi, himu akakwanira amacepetsa enzaimu ya sitepe yoyamba, imene imapanga ALA, makamaka mwa kuletsa selo kupanga yambiri. Tsono mtobvu ukatseka sitepe yaciwiri ndipo himu acepa, mau ofika ku sitepe yoyamba ndi akuti nkhokwe iri yopanda kanthu. Enzaimu yoyamba ionjezera nchito, ndipo ALA aunjikana koposa pa khomo lotsekedwa. Lamulo labwino la selo lacititsa kuti bvutolo likule, pakuti selo siidziwa kuti njira yaduka pakati.

Kotero womvera amene wasunga pepala lace ali ndi mafunso atatu ofunsa galafu iri yonse ya liwiro. Kodi denga liri pomwe linali? Ngati liri pomwepo koma mzere wasendera kumanja, cosandulidwa cocuruka cingathe kugonjetsa coletsaco, monga zicitika pa ADH. Kodi denga latsika, theka lace nkukhalabe pa Km yakale? Pamenepo maenzaimu ena alemala, ndipo kuonjezera cosandulidwa nkungodzaza bwalo, monga zicitika ndi mtobvu. Kodi mzere wapindika ngati S? Pamenepo ayang'ane ku mapeto a mndandanda, pakuti kawirikawiri mau oimitsa nchito acokera kumeneko.